Pempho langa la thandizo la maphunziro ku Bunda

Kwa a komiti yoona za thandizo la maphunziro,

Ndine mtsikana wa zaka 19, woyamba kubadwa m'banja la ana anayi, ndipo kwathu ndi m'dera la Mfumu Yaikulu Santhe m'boma la Kasungu. Ndinalemba mayeso a MSCE mu 2024 pa sukulu yoyendera ya CDSS ya kwathu, ndinapeza mapointi 17, ndipo ndasankhidwa kukaphunzira za ulangizi wa ulimi ku LUANAR, ku Bunda. Ndikupempha kuti mundithandize fizi ndi ndalama ya malo ogona.

Makolo anga onse ali moyo, ndipo ndi anthu olimbikira. Tili ndi munda wa maekala awiri. Mbali ina timadzala chimanga ndi mtedza, mbali ina bambo ankalima fodya wa bale pa ngongole ya feteleza. Fodya akagulitsidwa ku Chinkhoma, ngongole inkayamba yadulidwa, ndipo zotsalazo ndi zomwe zinkalipira fizi yanga. Zinkakwanira movutikira, koma zinkakwanira, kufikira pamene msana wa bambo unayamba kuvuta ine ndili Fomu 3. Amayenda, amasoka mphasa, koma khasu sangaligwire m'mawa wonse. Fodya safuna munthu wodwala, choncho tinamusiya.

Chaka chimene chinatipweteka ndi chomwe ndinali Fomu 4. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo feteleza anakwera mtengo nthawi yodzala itakwana. Tinathira thumba limodzi lokha. Kenako kunabwera ng'amba ya El Niño chimanga chikumasula, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Pa munda umene timapezapo matumba oposa 20 mvula ikagwa bwino, tinakolola 6.

Sitinkagona ndi njala tsiku lililonse. Chimene chinkachitika n'chakuti nsima tinkadya kamodzi, madzulo, ndipo masana kunkakhala phala kapena maungu akapezeka. Amayi ankagawa okha ndiwo ndi nsima, n'kumanena kuti iwo adya kale kudimba. Ndinadziwa kuti si zoona tsiku lina nditawalondola kudimbako kukawapatsa ndowa imene anaiwala. Ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo, alibe kanthu kalikonse kakudya, akudikira kuti chizungulire chithe. Sindinawafunse ndipo iwo sananene kanthu. Kuyambira tsiku limenelo ndinkakana kuyamba kudya iwo asanasambe m'manja.

Fizi ya teremu yachiwiri inachedwa, ndipo ndinakhala kunyumba milungu ingapo. Ndinagwira ganyu yosoka fodya pa chigafa cha munthu wina wa m'mudzi mwathu, ndipo madzulo mnzanga wa m'kalasi ankandibwereka makope ake kuti ndikopere ndi tochi. Aphunzitsi athu a Agriculture anandilipirira gawo lina la ndalama ya mayeso, amalume anagulitsa mbuzi n'kumalizitsa. Ndawatchula chifukwa mapointi 17 aja sindinawapeze ndekha. Masamu ndi amene anandivuta kwambiri chifukwa cha milungu ija, ndipo mudzaona pa satifiketi kuti ndi phunziro limene ndinakhoza motsika.

Za ulangizi ndinazisankha chifukwa cha zimene ndinaona chaka chomwecho. Mayi wina woyandikana nafe munda anaphimbira nthaka ndi mapesi, anathira manyowa ndiponso anasakaniza chimanga ndi nandolo monga anawaphunzitsira alangizi. Ng'amba inali imodzimodzi, koma chimanga chawo chinachedwa kufota ndipo anakolola kuposa ife. Ife njira imeneyi tinkangoimva. Mlangizi wa m'dera lathu amayendera midzi yambiri pa njinga, ndipo sangafike kwa aliyense. Chaka chotsatira ndinayesa pa mizere ingapo ya munda wathu, ndipo pamene panali mapesi pankakhala chinyontho masiku ambiri mvula ikadula. Ndikufuna kudziwa bwino chifukwa chake, kudziwa kuyeza nthaka, ndi kudzatha kuwafotokozera alimi ngati amayi anga m'chilankhulo chawo, munda uli pamaso.

Pakali pano amayi amagulitsa tomato ndi masamba a kudimba pa msika wa pafupi. Ndalama imeneyo imagula sopo, mchere, chigayo ndi makope a azing'ono anga, ndipo mng'ono wanga wondipondana akuyamba Fomu 1. Banja lathu lingathe kundipatsa ya thiransipoti yopita ku Lilongwe ndi ufa wa teremu. Fizi ya ku yunivesite ndi malo ogona sitingakwanitse ngakhale titagulitsa mbuzi ziwiri zotsalazo. Ndapemphanso ngongole ya boma ya ophunzira a m'sukulu za ukachenjede, ndipo ikatuluka ndidzakudziwitsani msanga kuti muchotsere pa zimene mungandipatse.

Ndaphatikiza satifiketi yanga, kalata yondisankha ku Bunda ndi kalata ya kuchipatala ya bambo. Aphunzitsi aakulu a sukulu yathu ndi a nyakwawa a mudzi wathu avomera kuyankha mafunso alionse amene mungakhale nawo pa zimene ndalembazi.

Zikomo kwambiri chifukwa chowerenga pempho langa.