Chilengezo cha Masika ndi Kugulitsa Matikiti

Abusa, akulu a mpingo, atumiki, amayi a Chigwirizano, achinyamata ndi Akhristu nonse, landirani moni wochokera ku komiti ya masika. Chilengezochi n'chotalikirapo, choncho mutipirire. Chikawerengedwa pano tichikhoma pa bolodi la pakhomo, ndipo mlaga uliwonse ulandira pepala lake.

Masika a chaka chino adzachitika masiku awiri. Loweruka pa 13 Juni kudzakhala phwando pabwalo la tchalitchi kuyambira 10 koloko m'mawa, ndipo chakudya cha tsikuli n'cha matikiti. Lamulungu pa 14 Juni kudzakhala mapemphero othokoza Mulungu chifukwa cha zokolola. Mapemphero onse awiri tidzawaphatikiza, ndipo tidzayamba 8 koloko. Tsiku la Mulungu palibe tikiti, pasapezeke munthu woima pakhomo n'kumafunsa mnzake kapepala.

Ndalama zonse za chaka chino zipita ku denga. Amene mumakhala mbali ya kwaya mukudziwa bwino kuposa ife zimene zinachitika mu Febuluwale. Mabeseni atatu anali pakati pa mabenchi, ndipo ulaliki uli mkati mtumiki wina ankatuluka kukataya madzi. Tinapempha mvula, inabwera, ndiye walira mvula walira matope, sitikudandaula. Koma mmisiri atakwera anapeza kuti malata a mbali yonse ya kumadzulo achita dzimbiri m'mabowo a misomali, ndipo mitanda isanu yadyedwa ndi chiswe. Kukonza zonse, kuphatikizapo malata, matabwa, misomali ndi malipiro a mmisiri, kukufuna K7,800,000. M'thumba la chitukuko muli K3,200,000, ndiye kuti yotsala ndi K4,600,000. Tikufuna ntchito iyambe mu Ogasiti kunja kuli kouma, kuti mvula ya chizimalupsa idzatipeze titafolera. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga lake ndi lomweli lili pamutu panuli.

Matikiti tasindikiza 630. A akuluakulu alipo 400, obiriwira, pa K5,000 imodzi. A ana osapitirira zaka 12 alipo 200, achikasu, pa K2,000. Palinso 30 oyera a pa tebulo la alendo, pa K25,000. Oyerawa tawakonzera makamaka anzathu a mashopu pamsikapa ndi ana athu ogwira ntchito ku Lilongwe, koma aliyense wofuna atha kugula. Onse akatha tipeza K3,150,000. Tikachotsapo K900,000 ya mbuzi, mafuta ophikira, mpunga ndi tenti, itsala K2,250,000. Ina K2,350,000 tikuyembekeza kuipeza pa zokolola ndi maenivelopu.

Tikiti iliyonse ili ndi nambala, chidindo cha mpingo ndi siginecha ya msungichuma kumbuyo kwake. Yopanda zitatuzi si yathu. Mukagula, wogulitsa ang'ambe pakati, mbali ina ikhale yanu, ina itsale m'buku. Mabuku ali ndi mkulu wa mpingo wa mlaga uliwonse, mlembi wa Chigwirizano ndi wapampando wa achinyamata. Msungichuma naye azikhala pansi pa mtengo wa mango tikaweruka Lamulungu lililonse, ndiponso Lachinayi masana amayi akamatuluka.

Pali nkhani imodzi imene tinakhalira nthawi yaitali m'komiti, ndipo sesoni yavomereza. Chaka chino palibe tikiti ya ngongole. Chaka chatha matikiti 74 anatengedwa ndi mawu akuti "ndipereka ndikagulitsa soya". Soya anagulitsidwa, wina anadzalidwanso, wakololedwanso, koma m'buku mayina 31 akadali osafufutidwa. Sitiwatchula pano, eni ake akudzidziwa, ndipo msungichuma awalandira popanda funso. Ovutika anali akulu a mpingo, amene anasanduka otolera ngongole m'makomo momwe amayenera kukayendera odwala. Ndiye ngati K5,000 siikupezeka nthawi imodzi, perekani pang'onopang'ono. Alemba dzina lanu ndi zimene mwapereka, ndipo tikiti mudzatenga tsiku lomaliza kulipira. Kugulitsa kutsekedwa Lamulungu pa 7 Juni, kuti amayi adziwe miphika yoti atereke. Pageti sitidzagulitsa.

Amene muli ndi abale ku Blantyre, ku Mzuzu kapena ku Joni, auzeni. Atha kugulira makolo awo kapena agogo ena a m'mudzi amene sangakwanitse. Chaka chatha mnyamata wathu wina wa ku Joni anagulira gogo aliyense wa mlaga wa kutsidya kwa dambo, ndipo agogowo anafika m'mamawa moto usanakolezedwe. Ndalama itumizidwe pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, pa manambala a mpingo okhawo amene ali pa bolodi, ndipo muwonjezere yotapira. Mukatumiza onetsani mesejiyo kwa msungichuma kuti akupatseni tikiti. Wina akakuimbirani kuti nambala yasintha, dulani foni, ameneyo ndi wakuba.

Tikiti ikupatsani mbale ya nsima kapena mpunga, nyama ya mbuzi kapena nkhuku ya lokolo, nyemba, nkhwani wotendera ndi kapu ya thobwa. Futali adzakhalapo wa olawirira. Mubwere ndi mbale ndi kapu zanu. Makwaya a milaga yonse isanu adzaimba, ana a Sande Sukulu akonza sewero la Rute m'munda wa Boazi, ndipo 2 koloko kudzakhala okushoni. Mpaka pano talonjezedwa mbuzi ziwiri, atambala asanu ndi mmodzi, mikeka ndi dzungu limene mwini wake akuti munthu mmodzi sanganyamule. Tidzaona pa tsikulo.

Ena afunsa ngati wogula tikiti wapereka kale masika. Ayi. Tikiti ndi ya chakudya ndi denga. Masika ndi chopereka cha m'munda mwanu, monga pa Deuteronomo 26 pamene munthu ankaika zipatso zoyamba mumtanga n'kupita nazo kwa wansembe. Aliyense apereke monga Mulungu wamudalitsira, kaya thumba, kaya ndowa, kaya mbale ya mtedza. Amene munda unakokoloka musachite manyazi n'kukhala kunyumba, bwerani tidzapemphere limodzi. Olandira malipiro a pamwezi ndi ochita geni, maenivelopu anu ali ndi atumiki.

Zokolola tizilandira kuyambira Lolemba pa 8 mpaka Lachisanu pa 12 Juni m'kalasi ya pafupi ndi nyumba ya abusa, ndipo sikelo idzakhalapo. Chonde chimanga chikhale chouma ndi chopeta bwino. Lumani njere imodzi, ikaphwanyika ndi kaphokoso ndiye kuti chauma. Chaka chatha matumba anayi anachita nkhungu, ena analowa anankafumbwe tisanagulitse. Soya ndi mtedza musasakanize ndi nyemba. Pa matumba khumi alionse a chimanga, limodzi lipatulidwa kuti likathandize okalamba ndi ana amasiye a mumpingo muno m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale. Otsalawo sitigulitsa kwa mavenda pamtengo wa nthawi yokolola. Tithira mankhwala, tisunge, ndipo sesoni ndiyo idzanene nthawi yogulitsa.

Amayi a Chigwirizano, mndandanda wa ophika uli ndi mlembi wanu, ndipo mlaga uliwonse upereke nkhuku zisanu ndi ufa woyera ndowa ziwiri. Abambo, nkhuni ndi zanu, zifike pofika Lachitatu pa 10 Juni, ndipo amene ali ndi ngolo atithandize kututa. Achinyamata adzakhoma tenti Lachisanu masana ndi kutunga madzi pamjigo.

Lipoti la ndalama zonse, zolowa ndi zotuluka, lidzawerengedwa mutchalitchi muno Lamulungu pa 28 Juni. Ogwira mabuku a matikiti abweze mabuku ndi ndalama pa 7 Juni tikangoweruka. Lero komiti yonse itsalire mu vesitile kwa mphindi zochepa.

Ine wanu mu utumiki,
Mlembi wa komiti ya masika