Ndalama 12

Amayi anamasula mfundo ya pansonga ya nsalu yawo n'kukhuthulira ndalama m'manja mwanga. Zinali zachitsulo zokhazokha, zofanana, zotentha ngati zachokera padzuwa. Anandiwerengetsa kawiri. Zinali 12.

"Tamvera bwino, mwanangu. Shuga, sopo, mchere, kandulo ndi machesi. Shuga ndi ndalama 5, sopo 3, zinazo imodzi imodzi. Itsala imodzi, imeneyo ukagule pensulo yako."

"Nanga zikakhala kuti zakwera, amayi?"

Sanayankhe msanga. Anayang'ana pamphasa pamene panagona mlongo wanga, khanda la miyezi 9 limene linayamba kutsegula m'mimba usiku wa dzana. Milomo yake inali youma, ndipo akalira misozi sinkatuluka. Amayi anali atachapa matewera katatu tsikulo ndi kachidutswa ka sopo kopyapyala ngati tsamba, mpaka kanathera m'zala.

"Ukaone wekha. Wakula tsopano. Thamanga, dzuwa likupita."

Ndinali ndi zaka 10. Thumba la kabudula wanga linali lobooka, choncho ndalamazo ndinazifumbata. Njira yonse ndinkabwereza mndandanda uja ngati nyimbo, koma mawu omaliza ndi amene ankandikomera: pensulo, pensulo. Mawa lake tinali ndi mayeso a masamu, ndipo pensulo yanga inali itafupika kuposa chala changa chaching'ono. Ndikamalemba, chikhadabo chinkakanda pepala.

Pakhonde pa sitolo ndinapeza mnzanga wa m'kalasi akunyambita switi yofiira. Lilime lake lonse linali psuu.

"Aise, akutuma? Chenje chikatsala usandiiwale."

Ndinangomwetulira n'kulowa. M'katimo munkanunkhira sopo ndi buledi. Kauntala inkandifika pachibwano. Kuseri kwake kunali bambo a m'sitolo, magalasi ali pamphuno, akulemba m'kope. Pamwamba pa mutu wawo panali chikatoni cholembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti ngongole ayi.

"Ndikuthandize chiyani, mwanawe?"

Ndinatchula zonse osapumira. Iwo anatsitsa katunduyo mmodzimmodzi, akutchula mtengo. Shuga ndalama 7. Sopo 4. Mchere 2. Kandulo 2. Machesi okha ndiwo anali asanasinthe.

"Zonse pamodzi 16."

Ndinafumbatula dzanja. Ndalama zinali zitadinda timizere tozungulira m'chikhatho changa, zitanyowa ndi thukuta. Ndinaziyala pakauntala n'kuziwerenganso, ngati kuti m'njiramo zikanatha kuswana.

"Amayi anati shuga ndi 5, bambo."

"Anali 5 mwezi watha. Nanenso kumene ndimaodako andikwezera." Analankhula mosakalipa, koma anakweza maso kuyang'ana chikatoni chija, ine n'kumva zimene sanatchule. "Sankha zoti usiye."

Kumbuyo kwanga kunabwera mayi wina wonyamula botolo la mafuta ophikira. Ndinasendera kumbali kuti awathandize, n'kukaima pakona, pafupi ndi matumba a mpunga. Mtima unkagunda mpaka m'makutu. Ndinaganiza zothamangira kunyumba kukafunsa, koma ulendo wopita ndi kubwerera unali ola lathunthu, ndipo bambowo anali atayamba kale kulowetsa mabenchi a pakhonde. Akanatseka ndisanafike.

Poyamba ndinawerengera mophweka. Shuga 7, mchere 2, machesi 1, pamodzi 10. Zotsala 2. Ndinafunsa mtengo wa pensulo. Inali 2. Zinangokwanirana ndendende, moti mtima wanga unadumpha. Mapensulowo anali m'chitini cha pashelefu, achikasu, atali, aliyense ali ndi labala yofiirira kumutu. Ndikanati sopo ndi kandulo zakwera, ndipo sindikananama. Amayi okha ndiwo ananena kuti ndikagule pensulo.

Koma manja a amayi anandibwerera m'maso, akufinya thewera m'madzi opanda thovu. Kusukulu kunabwerapo namwino amene anatisonyeza kasambidwe ka m'manja, n'kutiuza kuti tizirombo ta m'mimba timayenda kuchokera ku chimbudzi cha wodwala kupita m'zala, kuchoka m'zala kupita m'mbale. Manja omwe ankachapa matewerawo ndiwo ankatiphikira. Sopo sakanatsala.

Namwino yemweyo analemba pabolodi mawu amene tinawaloweza ngati ndakatulo: lita imodzi ya madzi aukhondo, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, theka la supuni yaing'ono ya mchere. Anati mwana wotsegula m'mimba chimene chimamufoola kwambiri ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo shuga ndi amene amathandiza matumbo kuyamwa mchere ndi madziwo. Apo m'pamene ndinazindikira chifukwa chake amayi anayamba ndi shuga. Kwathu tinali titatha masabata ambiri tikumwa tiyi wopanda shuga popanda wodandaula. Shuga wa tsikulo sanali wa tiyi.

Masupuni 6. Ndinayang'ana paketi ya kilogalamu imene inali pakauntala. Ngakhale mlongo wanga akanamwa madziwo sabata yathunthu, sakanaimaliza.

Mayi uja atatuluka, ndinabwerera.

"Bambo, kodi shuga mungandiyezere theka?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Theka ndi 4. Ukudziwa kuti ukuluza? Matheka awiri ndi 8, pomwe paketi yonse ndi 7."

"Ndikudziwa, bambo. Koma ndikufuna wa lero."

"Chabwino."

Anatunga m'thumba lotsegula n'kuthira pasikelo. Muvi unagwedera n'kuima pa 500. Anamanga kapepala ka pulasitiki mwaluso, mfundo imodzi.

"Nanga sopoyo mungamudule pakati?"

Apa anaseka pang'ono, kuseka kwabwino. Anatenga ulusi wolimba, n'kuuzunguliza pakati pa mtanda wa sopo, n'kukoka nsonga zonse ziwiri. Sopo anagawanika bwinobwino, m'kati mwake mosalala ngati galasi. Theka linali ndalama 2.

Ndinasuntha ndalama ndi chala, gulu lililonse pafupi ndi katundu wake. Zinayi kwa shuga. Ziwiri kwa mchere. Ziwiri kwa sopo. Imodzi kwa machesi, chifukwa madzi omwetsa khanda ayenera kuwira kaye. Zonse 9. Pakauntala panatsala zitatu.

Kandulo 2. Pensulo 2. Ndalama 3.

Ndikanakhala ndi imodzi yokha yowonjezera! Ndinafufuza m'thumba lobooka lija, ndikudziwa kuti mulibe kanthu. Ndinayang'ana pansi pa kauntala, mwina wina anagwetsa. Panali chitsekerero cha botolo basi.

Bambo aja anatenga pensulo imodzi m'chitini n'kuiika pafupi ndi kandulo. Sankandinyengerera ayi, ankangofuna ndione zonse bwino. Ndinaigwira. Inali yosasongola, ikununkhira thabwa latsopano. Ndinadziona ndili m'kalasi mawa, ndikulemba manambala oongoka, ndikufufuta ndi labala yangayanga osapempha kwa munthu.

Kenako ndinakumbukira usiku wapitawo. Mwezi kunalibe. Mlongo wanga anadzuka kanayi, ndipo amayi ankamusintha mumdima, akufufuza ndi manja. Ndinawamva akumugwira paliwombo, akunong'ona kuti, "Kodi lalowa? Sindikuona." Theka la supuni ya mchere sungaliyeze mumdima. Namwino uja anatichenjeza kuti mchere ukachuluka umamupweteka mwana m'malo momuthandiza.

Ndinabweza pensulo m'chitini ndi dzanja langa, nditanyanyamphira. Kukhosi kunali kowawa.

"Kandulo, bambo."

Sananene kanthu. Anakulunga kanduloyo m'pepala la nyuzi kuti asathyoke, n'kulongedza zonse m'jumbo. Kenako anakankhira kwa ine ndalama yotsala ija.

"Imodzi iyi ndi maswiti awiri. Kapena upita nayo?"

Botolo la maswiti linali pamphuno panga penipeni, ofiira ndi obiriwira, shuga akunyezimira. Mnzanga uja anali atasuzumira pakhomo.

"Ndipita nayo."

"Ndani akudwala kwanu?"

Ndinadabwa kuti adziwa bwanji. Ndinawauza.

"Mchere, shuga ndi sopo nthawi ino, ndimadziwa. Uwauze amayi ako asasiye kumuyamwitsa, ndipo mawa m'mamawa apite naye kuchipatala. Thamanga."

Panja mnzanga anatambasula dzanja. Ndinapukusa mutu, iye n'kunditcha womana. Sindinaime kuti ndimufotokozere. Ndinathamanga jumbo ili pachifuwa, ndalama ili m'chibakera, mithunzi ya mitengo itatalika kudutsa njira.

Amayi ndinawapeza pakhomo, mwana ali pamiyendo. Anatsegula jumbo n'kutulutsa zinthu chimodzichimodzi. Ananyamula shuga m'dzanja kuyesa kulemera kwake. Anatembenuza sopo n'kuona podulapo. Ine ndinayamba kufotokoza mofulumira, mitengo yonse, mawu akupunthwa, ndikuopa kuti anena kuti ndadya ndalama. Anandimvera mpaka kumapeto.

"Pensulo ili kuti?"

"Ndi 2, amayi. Inalimbana ndi kandulo."

Ndinawapatsa ndalama ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandigwira pamutu, dzanja lawo likununkhira utsi.

"Koleza moto."

Madzi atawira n'kuzizira, kunja kunali kutada bii. Tinayatsa kandulo n'kumuimika pambale yachitsulo. Amayi anasamba m'manja ndi sopo watsopano uja, thovu mpaka m'zigongono, n'kundiuza kuti nanenso ndisambe. Ine ndinagwira kandulo pafupi, iwo akuyeza. Supuni iliyonse ankaisalaza ndi mpeni kuti isasefukire, ine ndikuwerenga mokweza mpaka 6. Pa mchere anawerama kwambiri, nkhope ili pafupi ndi lawi. Atatakasa analawa, n'kundipatsa kuti ndilawe.

"Asawawe kuposa misozi," anatero.

Mlongo wanga anakana supuni yoyamba, madzi n'kuyenderera m'tsaya. Yachiwiri anameza. Amayi ankamupatsa pang'onopang'ono, supuni imodzi, kudikira, supuni ina, pakati n'kumamuyamwitsa. Mwana atasanza, amayi anadikira mphindi 10 n'kuyambiranso, mwapang'onopang'ono kuposa poyamba. Phula linkatsetsereka n'kuundana m'mbale.

Kuwala komweko ndinagwiritsa ntchito nanenso. Ndinatenga kapensulo kanga n'kukasongola ndi lezala mosamala kwambiri, kuti ndisadye thabwa lambiri. Ndinapeza chibowo cha bolopeni yakale, n'kulowetsamo kapensuloko, n'kumanga ndi ulusi. Kanatalika ndithu. Ndinayesa kulemba kuseri kwa pepala la nyuzi lija: 4, 2, 2, 1, 2. Ndinajambula mzere n'kulemba 11.

Sindikudziwa nthawi imene ndinagona. Chimene chinandidzutsa ndi kulira kwa mwana, kulira kwamphamvu. Kunali kusanache. Kandulo anali atatsala kachidutswa, ndipo amayi anali chikhalire pomwe ndinawasiya.

"Bwera udzaone," ananong'ona.

Ndinawerama. Pakona ya diso la mlongo wanga panali dontho, likunyezimira ndi lawi. Linatsika m'tsaya mpaka kukhutu.

Kutacha amayi anabereka mwana, ulendo wa kuchipatala, botolo la madzi aja lili m'manja. Asanatuluke anatenga kachitini kopanda kanthu pawindo, n'kuponyamo ndalama ija. Inalira ngwee.

"Iyi ndi theka la pensulo. Usaigwire mpaka ibwere inzake."

Ndinabisa kachitiniko kuseri kwa mtsuko, n'kutenga kope ndi kapensulo kanga ka ulusi. Belu loyamba linali litayamba kulira.