Malangizo a kadulidwe ka chithunzi cha vekitala ndi sitensulo mu Inkscape

Malangizo awa ndalembera inu atatu amene mwayamba kuphunzira ntchito yokonza zithunzi pamalo athu osindikizira ku Ginnery Corner. Ntchito yomwe tiphunzirepo ndi baji ya gulu la amayi la ku Chilomoni, yomwe afuna kuti ikhale yozungulira, ya masentimita 9 m'mimba mwake, ndipo m'kati mwake muoneke phiri la Michiru, dzuwa likulowa kuseri kwake ndi mitengo isanu m'munsi. Chithunzi cha phirilo ndajambula kale ngati vekitala, kutanthauza chithunzi chopangidwa ndi mizere osati timadontho, koma ndi cha ngodya zinayi, choncho ntchito yanu ndi kuchilowetsa m'bwalo lozungulira popanda kufufuta mzere ngakhale umodzi.

Nonse munaonapo olemba zikwangwani ku Limbe akuika pepala lobowola, lomwe ndi sitensulo, pakhoma n'kupopera penti, ndipo pentiyo imafika pamene pali chibowo pokha. Mu pulogalamu ya Inkscape mfundo yake ndi yomweyo, kungoti chimene mumajambula si pepala lonse ayi koma chibowo chenichenicho. Mukajambula bwalo n'kuliika pamwamba pa chithunzi ngati sitensulo, zomwe zili m'kati mwa bwalolo zimaoneka, pamene zakunja zimabisika. Mawu oti zimabisika muwagwire bwino, chifukwa pulogalamuyi sidula kanthu kwenikweni, ndipo mizere yonse imatsalabe m'fayilo.

Mukatsegula fayilo, yambani ndi kusankha zidutswa zonse za chithunzi, phiri, dzuwa, mitengo ndi thambo, kenako dinani `Ctrl+G` kuti zikhale gulu limodzi. Musadumphe zimenezi, pakuti gulu limasuntha ngati chinthu chimodzi, ndipo simudzavutika kufunafuna mtengo umodzi womwe unatsala kunja. Tengani chida chojambulira bwalo podina `E`, ndipo pokoka mausi gwirani `Ctrl` kuti bwalo lisatuluke ngati dzira. Bwererani ku chida chosankhira podina `S`, sinthani muyeso pamzere wa pamwamba kuti ukhale `cm`, kenako lembani 9 m'kabokosi ka `W` ndi 9 m'kabokosi ka `H`. Ine ndimakonda kulisiya bwalolo lopanda utoto m'kati, lokhala ndi mzere wopyapyala chabe, kuti ndiziona zomwe zili pansi pake pamene ndikulisuntha. Mtundu wake ulibe ntchito, popeza pulogalamu imayang'ana malire a sitensulo okha, ndipo utoto ndi mzere wake zimasowa mukangodula.

Apa ndi pofunika diso. Sunthani bwalo mpaka nsonga ya phiri ikhale pamwamba pang'ono pa pakati, dzuwa lonse likhale m'kati, ndipo mtengo wa kumanzere usadulidwe pakati pa thunthu, chifukwa mtengo wodulidwa chotero umaoneka ngati cholakwika, pamene nthambi zodulidwa pang'ono m'mphepete sizidetsa maso. Popeza bajiyi idzafuna mkombero wobiriwira, dinani `Ctrl+D` bwalo likadali losankhidwa kuti mupange lina lofanana nalo pamalo omwewo. Limodzi lidzapita ku ntchito yodula, linalo lidzatsala ngati mkombero.

Lamulo lalikulu ndi lakuti sitensulo ikhale pamwamba pa chithunzi, ndipo ngati mukukayika, isankheni n'kudina `Home`. Bwalo limodzi likadali losankhidwa, gwirani `Shift` n'kudina chithunzi cha phiri kuti zonse ziwiri zisankhidwe, kenako pitani apa:

```
Object > Clip > Set Clip
```

Kompyuta yakale ya pakona ili ndi Inkscape 0.92, ndipo pamenepo lamulo lomweli lalembedwa `Set` basi. Mukaona kuti phiri lasowa n'kutsala bwalo lodulidwa, dziwani kuti chithunzi ndicho chinali pamwamba, choncho dinani `Ctrl+Z`, kwezani bwalo, muyambirenso.

Amayiwa akabwera n'kunena kuti dzuwa lakhala m'mphepete kwambiri, palibe chifukwa chojambuliranso. Dinani kawiri pachithunzi kuti mulowe m'gulu, sunthani dzuwa lokha, ndipo sitensulo idzakhala pomwe ili. Ngati chofunika kusintha ndi sitensulo yeniyeniyo, `Object > Clip > Release Clip` imabwezera zonse mmene zinalili, bwalo n'kuonekeranso pamwamba. Chifukwa cha zimenezi, njirayi ndimaikonda kuposa kudula kwenikweni pa ntchito iliyonse yomwe mwini wake sanavomereze komaliza, ndipo aliyense amene wakhala pakauntala sabata imodzi akudziwa kuti makasitomala savomereza kamodzi.

Sitensulo siyenera kukhala bwalo nthawi zonse. Pa masikipa a gulu lomweli tidzalemba dzina la CHILOMONI ndi zilembo zonenepa, ndipo m'kati mwa zilembomo mudzaoneka maluwa a chitenje chawo. Lembani dzinalo, lisandutseni mizere ndi `Path > Object to Path` kuti fayilo isadalire mtundu wa zilembo womwe kompyuta ina ingakhale ilibe, kenako phatikizani zilembozo ndi `Path > Union`, mutazimasula kaye m'gulu ngati pulogalamu yaziika m'gulu. Zikatero ziikeni pamwamba pa maluwa n'kudula monga kale. Zilembo zowonda musaziyese, chifukwa maluwa sadziwika m'menemo.

Pansi pa `Clip` pali lamulo lina lotchedwa `Mask`, ndipo ophunzira ambiri amazisokoneza. Limenelo limayang'ana kuwala kwa chinthu cha pamwamba: poyera pamaoneka, pakuda pamabisika, potuwa pamaoneka mwachizimezime. Ngati chithunzi chanu chatuluka chofooka mtundu kapena chasowa chonse, mwina mwadina limenelo.

Tsopano chenjezo lomwe ndinaliphunzira ndi ndalama za m'thumba mwanga. Nditangoyamba ntchito imeneyi, ndinatumiza fayilo yodulidwa ndi sitensulo ku makina odulira masitika, ndipo pasikirini zonse zinkaoneka bwino. Mpeni wa makinawo unatsata mizere yonse, yooneka ndi yobisika yomwe, n'kucheka pulasitiki ya masitika kunja kwa bwalo mpaka theka la mita linawonongeka. Makina osindikizira amatsata zomwe zikuoneka, koma mapulogalamu ambiri a makina odulira amawerenga mizere yomwe ili m'fayilo osalabadira sitensulo. Musanatumize kanthu kumeneko, onani chithunzi mu `View > Display Mode > Outline`, momwe chilichonse chimaoneka ngati mizere yokhayokha, kuti mudziwe zomwe fayilo yanyamula.

Pa ntchito ya mpeni, mizere iyenera kudulidwa kwenikweni ndi `Path > Intersection`, ndipo muzichita zimenezi pa kope ya fayilo, osati pa yoyambirira. Lamuloli siligwira pa gulu, ndipo mukasankha zidutswa zambiri nthawi imodzi limasunga pokhapo pamene zonse zakumana, ndiye kuti chidutswa chilichonse chimafuna bwalo lakelake. Masulani gulu ndi `Shift+Ctrl+G`, pangani kope ya bwalo, isankheni pamodzi ndi phiri, dulani, kenako teroninso ndi thambo komanso mtengo uliwonse womwe wadutsa malire. Ndi ntchito yotopetsa, koma pa baji iyi zidutswa zofika m'mphepete ndi zinayi zokha.

Amene mwa inu munazolowera CorelDRAW mudzazindikira kuti imeneyi ndi ntchito ya PowerClip, ndipo mu Illustrator ndi `Ctrl+7`, nakonso sitensulo imakhala pamwamba. Fayilo ya baji musunge ngati SVG kuti sitensulo ithe kumasulidwa mtsogolo, ndipo ya kumakina osindikizira mutulutse ngati PDF, muitsegule ndi kuiona musanandipatse. Mlembi wa gulu la amayi lija abwera Lachisanu nthawi ya 10 koloko m'mawa kudzaona chitsanzo, choncho aliyense andipatse baji yake pofika Lachinayi masana.