Chinsalu cha a Madala

M'mawa uliwonse a Madala amakoleka chinsalu chawo pakhoma lomwe lija, misomali iwiri pamwamba, pansi mwala uku mwala uku kuti mphepo isachinyamule. Anachipenta okha ali mnyamata, nyumba yosanja, nyanja, ndege ikudutsa pamwamba phiko limodzi lalitali kuposa linzake. Zaka 40 anthu akhala akuima pamenepo, akwati, ana a sukulu, anyamata a jekete yobwereka.

Ndiye kunabwera mnyamata wina ndi laputopu ndi kansalu kobiriwira basi, kopanda chojambula chilichonse. Akakujambula amangodina dina, kubiriwira kuja kwachoka, iwe waima pa chipale chofewa kapena watsamira galimoto yoti sunaikwerepo. Mzere wonse unasamukira kwa iye. A Madala amangokhala pampando kamera ili m'khosi, kumapukuta lenzi yoyera kale.

Mnyamatayo sankamuda ayi. Chimawawawa ndi chimodzi, anthu a pazithunzi zake analibe mthunzi, mapazi ali lende ngati akuyandama. "Munthu wopanda mthunzi waima pati?" amatero chamumtima.

Tsiku lina dzuwa litapendeka kunafika mayi wina, anadutsa mzere wonse uja osacheuka n'kutulutsa chithunzi mu envulopu, chachikasu ndi kukalamba, m'makona mopindika. Mtsikana ataima dzanja m'chiuno, ndege ija pamwamba pa mutu wake, kumanzere chigamba chomwe a Madala anasoka ndi ulusi wakuda chinsalu chitang'ambika ndi msomali.

"Agogo, ndinu munajambula ichi?"

"Ndine, mwana wanga."

"Ndi mayi anga awa. Tawaika m'manda mwezi wathawu."

Mnyamata uja anali atasendera. "Pepani mayi. Ndikhozatu kukuikani pambali pawo pa kompyuta, mphindi zisanu basi."

"Zikomo achimwene, koma ine ndikufuna ndiime pomwe anaima iwo."

A Madala anayang'ana kamera yawo, filimu inatha kalekale ndipo kopeza ina kunalibe. Anakhala duu, kenako anatambasula dzanja. "Tandibwereke yakoyo."

Inali yopepuka, manja amanjenjemera. Koma mawu anatuluka akale omwe aja. "Sunthirani kuno pang'ono. Chibwano m'mwamba. Dzanja m'chiuno, eya, choncho." Anadikira kamtambo kadutse kaye mpaka mthunzi wa mayiyo unagwera pa nyanja yopenta ija, ndiye anadina.

Chithunzi chitatuluka pa sikirini mnyamata analoza chigamba. "Ichi ndichifufute agogo?"

"Usachikhudze."

Mayi uja anaika zithunzi ziwirizo pamodzi, anaziyang'ana nthawi yaitali osayankhula kanthu, analipira n'kumapita.

Madzulo a Madala akuchotsa miyala anangoona makona awiri a chinsalu agwiridwa kale.

"Timayambira mbali iti popinda, agogo?"

"Ya ndege. Penti ilowe mkati."