Malamulo a Gulu la WhatsApp la Makolo a Ana a Sitandade 8

Makolo anzathu, gulu lino tinalitsegula kuti tizidziwitsana za maphunziro a ana athu pamene akukonzekera mayeso, choncho komiti ikupempha kuti nkhani za ndale, za malonda ndi za mpira zizikambidwa kwina, chifukwa zimakwirira zidziwitso zofunika, monga tsiku la msonkhano.

Uthenga umene mwaulandira kuchokera ku magulu ena musautumize muno musanatsimikize komwe wachokera, ndipo ngati ukukhudza mayeso, yambani mwawaonetsa a wapampando. Mphekesera yakuti tsiku la mayeso lasintha ikhoza kusokoneza mwana amene wakhala akuwerenga chaka chonse. Mavidiyo aatali nawonso amawathera anzathu bandulo.

Musalembe kuyambira 9 koloko usiku kufikira 6 koloko m'mawa, pokhapokha patagwa za dzidzidzi, monga mwana akasowa kapena akadwala mwakayakaya.

Tizilankhulana mwaulemu ngakhale titasiyana maganizo. Kutukwana, kunyoza mtundu kapena chipembedzo cha wina, ndiponso kutchula dzina la mwana wa mnzathu pofuna kumuchititsa manyazi n'zoletsedwa. Dandaulo lokhudza mphunzitsi lipite kwa komiti kumbali. Wophwanya malamulowa adzachenjezedwa kawiri, ndipo kachitatu adzachotsedwa m'gulu kwa masabata awiri.