Zija zoti mphaka ali ndi miyoyo 9 zikuphetsa amphaka

Anthu ambiri amangonena ngati nthabwala kuti mphaka ali ndi miyoyo 9, ena amati safa wamba, olo umuponye kuchokera padenga akafika pansi chilili nkumapita. Ine zimandiwawa chifukwa ana amazimva zimenezi nkuzitenga ngati zoona, kenako mupeza agwira kamwana kamphaka akukaponya m'mwamba kuti aone ngati katere ndi miyendo. Kamphakako kamathyoka ndithu, ndipo kamamva kuwawa ngati nyama ina iliyonse.

Tiyambe ndi nambalayo. Za 9 ndi za Angerezi, ife tinangozitola mu makatuni ndi m'mabuku a kusukulu. Ku Spain, ku Italy ndi ku Brazil amati miyoyo ya mphaka ndi 7, pomwe ku Turkey ndi kwa Aluya ena amati 6. Nde mukuona kuti palibe anawerengapo, dziko lililonse linangosankha nambala yake. Chomwe anthu onsewa anaona ndi chimodzi, mphaka amapulumuka pa malo oti galu sangapulumuke, amadutsa pa kampata kakang'ono, amakwera mtengo msangamsanga, akagwa nthawi zambiri amadzuka nkuthawa. Anthu atasowa kafotokozedwe ndi pomwe anati ndiye kuti miyoyo ali nayo yambiri.

Pa za kugwa ndi miyendozi pali choonadi ndithu, nchifukwa chake bodzali limavuta kulichotsa m'mitu. Mkati mwa khutu la mphaka muli tiziwalo tomwe timamuuza komwe kuli kumwamba ndi komwe kuli pansi. Akangoyamba kugwa chagada amayamba watembenuza mutu, kenako amapinda msana pakati, miyendo yakutsogolo amayikokera pafupi ndi thupi yakumbuyo atayitambasula, mbali yakutsogolo imazungulira kaye, kenako amasintha, yakutsogolo kutambasula yakumbuyo kukokera, basi thupi lonse layang'ana pansi. Zonsezi sekondi siyikwana. Msana wake ndi wofewa kwambiri komanso fupa la paphewa lija lomwe kwa ife limagwira mkono ndi chifuwa, kwa iye ndi kakang'ono kongokhala m'minofu, nde amapindika mosavuta. Mchira sikuti ndi umene umachita zimenezi, amphaka obadwa opanda mchira nawonso amatembenuka. Mu 1894 wasayansi wa ku France, Étienne-Jules Marey, anajambula mphaka akugwa ndi kamera yotola zithunzi zambirimbiri motsatizana, ndipo zithunzizo zinaonetsa kuti mphaka sadzikankha pa dzanja la munthu yemwe wamusiya ngati mmene ena ankaganizira, amatembenuka yekha ali m'malere.

Koma luso limeneli sabadwa nalo lokhwima ayi. Limayamba kuoneka kamphaka kakakwana masabata 3 kapena 4, ndipo limakhwima cha m'masabata 7. Ndiye kamwana kamene ana amakonda kuseweretsa kaja, kamaso kongotseguka kumene, ndi kamene sikangathe nkomwe. Mphaka wokalamba, wodwala khutu kapena wonenepa kwambiri nayenso amalephera. Akagwa pafupi kwambiri nthawi yotembenukira imachepa, amafika pansi ndi nthiti kapena msana.

Ndipo kutera ndi miyendo sikutanthauza kuti sanavulale, apa mpomwe anthu amasokonezeka. Mu 1987 madotolo a ziweto ku New York analemba za amphaka 132 omwe anabwera nawo kuchipatala chawo atagwa kuchokera pa nyumba zosanja zitalizitali. Mwa omwe analandira thandizo, pafupifupi 90 pa 100 aliwonse anachira, ndipo nambala imeneyi ndi yomwe anthu amayikonda kuyitchula. Chomwe satchula ndi choti ambiri anafika atavulala pachifuwa ndi m'mapapo, ena nsagwada zitasweka, mano atathyoka, miyendo itathyoka, chifukwa miyendo ikafika pansi chibwano chimatsatira nkumenya simenti. Komanso ganizani, mphaka yemwe wafera pomwepo mwini wake samutengera kuchipatala, amangokamukwirira, nde omwe anafa nthawi yomweyo ambiri sanalowe mu chiwerengerocho. Mphaka wanu akagwa pamtunda nkudzuka kukabisala kuseri kwa kabati musati ali bwino, amphaka amabisa ululu kwambiri. Onani mmene akupumira, ngati akupuma movutika, akutuluka magazi m'mphuno kapena akukana kudya, pitani naye kwa a zaziweto tsiku lomwelo. Olo kulira kwa mkonono kuja komwe timati wakondwa, amachitanso akamamva kuwawa.

Za mkaka ndidutsepo mwachangu. Amphaka ambiri akakula mimba yawo siyigaya bwino shuga wa mu mkaka wa ng'ombe, amamwa mokondwa inde koma kenako kutsekula m'mimba. Madzi abwino, usipa kapena tinyama ndi zomwe akufuna, ndipo nsima yokhayokha siyimukwanira chifukwa thupi lake ndi la nyama yodya nyama. Zoti ukamudyetsa asiya kugwira makoswe si zoona, mphaka wokhuta amasakabe, wanjala ndi amene amayamba kuba ndiwo mumphika kapena kusamukira kwa aneba.

Chinthu chomwe ndikupempha aliyense akumbukire ndi panado. Anthu amaona mphaka wafooka nkunena kuti ndimupatseko theka la panado, nyama yolimba iyi. Chonde musayerekeze. Chiwindi cha mphaka sichitha kusungunula mankhwala amenewa, piritsi limodzi likhoza kumupha, nkhama zimasintha mtundu, nkhope imatupa, amalephera kupuma. Chimodzimodzi mankhwala a makoswe omwe timagula pamsika aja, mphaka akadya nyambo yake kapena khoswe yemwe wadya poyizoni nayenso ali pangozi. Ngati muli ndi mphaka pakhomo sankhani chimodzi, mphaka kapena poyizoni.

Pomaliza pali nkhani yathu yakuno yomwe ndi yovuta kuposa zonsezi, yoti mphaka makamaka wakuda ndi wa afiti. Ndikudziwa kuti ambiri tinakula tikuuzidwa zimenezi ndipo sindikunyoza agogo athu, koma taonani zomwe zimatiopsazo chimodzichimodzi. Maso owala usiku, kuseri kwa diso lake kuli kachikopa konyezimira komwe kamabweza kuwala kuti aone bwino kukada, galu ndi ng'ombe nazonso zili nako, ziwunikireni ndi tochi muone. Amaona ndi kuwala kochepa kwambiri kuposa ife koma mumdima wa bii nayenso saona, amadalira ndevu ndi makutu, nde ndevuzo osamazidula. Kulira ngati khanda padenga la malata pakati pausiku, ameneyo ndi mphaka wamkazi yemwe akufuna wamwamuna, kapena amuna akulimbirana. Kuda kwa ubweya ndi chibadwa basi, mayi mmodzi amatha kuswa wakuda, woyera ndi wamawangamawanga tsiku limodzi. Ku Japan ndi madera ena a ku Britain mphaka wakuda yemweyo amati ndi wamwayi, ndipo ku Iguputo wakale amphaka ankawalemekeza mpaka kuwakonza mitembo akafa.

Mphaka yemwe tiyenera kumuopa ndi yemwe wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akuluma anthu popanda chifukwa, akutuluka dovu kapena akuyenda modzandira, chifukwa chiwewe chimagwiranso amphaka osati agalu okha. Akakulumani kapena kukukalani wotere tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 nkuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti muone kaye. Ndipo a zaziweto akamabaya katemera wa chiwewe m'dera lanu mufunse ngati akubayanso amphaka, mumutengere mu dengu kapena katoni yoboola timabowo, osati pamanja chifukwa akaona agalu athawa.