Phiri, Msewu ndi Khomo: Momwe Nyumba za Boma la Atsamunda Zinkaonetsera Mphamvu

Boma la atsamunda linali la anthu ochepa olamulira anthu ochuluka. M'madera ambiri bwana mmodzi wachizungu, akalaliki angapo ndi amesenjala ankayang'anira chigawo chonse. Asilikali sakanakhala pamudzi uliwonse, choncho olamulirawo ankafuna njira zina zoti anthu aziona ulamulirowo ngati chinthu chokhazikika chimene sangalimbane nacho, ndipo imodzi mwa njirazo inali nyumba. Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti maonekedwe a nyumbazi ankasintha malinga ndi nyengo ya ndale, koma kayalidwe kake, ndiko kuti pamene nyumba yaima, mtunda umene munthu ayenda kuti ayifike ndi khomo limene alowera, sikanasinthe kwenikweni. Amene akufuna kumvetsa za mphamvu ayenera kuyamba wayang'ana pulani asanayang'ane zokongoletsa.

Poyamba atsamunda ankangotengera kamangidwe ka kwawo. Nyumba ya bwanamkubwa ku Calcutta, m'dziko la India, imene Lord Wellesley anamangitsa pakati pa 1799 ndi 1803, inatsanzira Kedleston Hall, nyumba ya banja lolemera ku England. Ili ndi zipilala zazitali za mtundu wa Agiriki ndi Aroma, masitepe otambalala opita ku khomo lalikulu, ndiponso mbali ziwiri zofanana ndendende. Kamangidwe aka kankakumbutsa ufumu wa Roma, umene Angerezi ankadziona ngati olowa m'malo mwake, ndipo kufanana kwa mbali ziwirizo kunkanena kuti boma ili ndi la dongosolo. Akuluakulu a ku London a kampani ya East India, imene inkalamulira ku India nthawiyo, anadandaula ndi ndalama zimene zinalowa pa nyumbayo, zimene zikusonyeza kuti ngakhale pakati pa atsamunda okhaokha panali kusagwirizana pa mtengo wa kudzionetsera. Afalansa anachita chimodzimodzi ku Hanoi, m'dziko la Vietnam, kumene nyumba ya bwanamkubwa ya 1900 mpaka 1906 inamangidwa ngati yazulidwa ku Ulaya nkudzadzalidwa kumeneko.

Patapita nthawi maganizo anasintha. Atagwedezeka ndi kuukira kwa 1857, Angerezi ku India anayamba kumanga nyumba za boma zokhala ndi makomo osongoka ndi madenga ozungulira otengedwa ku mizikiti ndi nyumba za mafumu a Mughal. Ku Morocco, dziko limene linalowa m'manja mwa France mu 1912, woimira boma la France Hubert Lyautey ndi katswiri wake wa mapulani Henri Prost anaika matailosi obiriwira ndi zosema za Chiarabu pa maofesi a ku Rabat. Akatswiri ena amaona kusakaniza kumeneku ngati ulemu ku chikhalidwe cha eni dziko, ndipo nzoona kuti ena mwa olemba mapulaniwo ankalikonda luso la kumeneko moona mtima. Komabe kubwereka zokongoletsa za mafumu akale kunalinso kunena kuti mpando wa mafumu aja tsopano wakhalidwa ndi wina. Ndipo Lyautey yemweyo anamanga mizinda yatsopano ya Azungu kunja kwa malinga a mizinda yakale, kuti anthu a mitundu iwiriyi azikhala kosiyana. Khoma linkalankhula Chiarabu pamene pulani inkalekanitsa anthu.

New Delhi ndiye chitsanzo choyenera kuchiyang'ana mwachifatse, chifukwa mzinda wonse unayalidwa nthawi imodzi. Mu 1911 Mfumu George V inalengeza kuti likulu lichoka ku Calcutta kupita ku Delhi, ndipo mzinda watsopanowo unatsegulidwa mu 1931. Edwin Lutyens analemba pulani ya nyumba ya woimira mfumu, ya zipinda 340, pamwamba pa kaphiri ka Raisina. Herbert Baker analemba za maofesi awiri aakulu a boma oyang'anizana kutsogolo kwake. Kuchokera pamenepo msewu wotambalala, umene unkatchedwa King's Way, umatsika mowongoka kulowera kum'mawa, kapinga ndi maiwe a madzi zili mbali zonse. Munthu wapansi amene wayamba ulendo kumunsi amayenda nthawi yaitali padzuwa akuyang'ana nyumba imodzimodziyo, ndipo pofika amakhala atadziona kale kuchepa. Zokongoletsa ndi zosakaniza: miyala yofiira ndi yotuwa ngati ya nyumba za Mughal, zotchinga dzuwa zamwala zotulukira kunja kwa khoma, mazenera a mwala wobooledwa ngati sefa, ndi denga lalikulu lozungulira lokumbutsa kachisi wakale wa Abuda ku Sanchi. Mafupa a nyumbayo, komabe, ndi a ku Ulaya.

Pali zinthu ziwiri mu mzindawu zimene zimaphunzitsa kwambiri. Choyamba ndi malo a nyumba ya malamulo. Nyumbayi inawonjezedwa pambuyo pa kusintha kwa malamulo kwa 1919 kumene kunapatsa Amwenye mipando yochulukirapo, ndipo inatsegulidwa mu 1927. Sanaiike pamzere waukulu uja. Ili pambali, kumunsi kwa phiri. Oimira anthu anapatsidwa nyumba yaikulu ndithu, koma aliyense wopenya ankaona yekha amene ali pamwamba. Chachiwiri ndi cholakwika chimene Lutyens anakhala akudandaula nacho mpaka kalekale. Maofesi a Baker ataikidwanso pamwamba pa phiri, nyumba ya woimira mfumu inakankhidwira kumbuyo, ndipo chitunda cha msewu pakati pa maofesiwo chinakhala chotsetsereka kwambiri. Zotsatira zake, munthu akamayandikira nyumbayo imamira kuseri kwa chitunda, nkungotsala denga lokha likuoneka. Lutyens anazindikira mochedwa, atasayina kale mapulani, ndipo pempho lake loti msewu ukumbidwe linakanidwa, chifukwa china chinali ndalama. Mkangano umenewu ukusonyeza kuti omangawo ankawerengera dala zimene diso la munthu wobwera lidzaone pa sitepe iliyonse. Ukusonyezanso kuti zowerengerazo zinkatha kulephera.

Baker anali atayesa kale nzeru ya phiri ku Pretoria. Union Buildings, nyumba za boma la South Africa zomangidwa pa phiri la Meintjieskop kuyambira 1910 mpaka 1913, ndi zotalika mamita pafupifupi 285: mapiko awiri ofanana olumikizidwa ndi mzere wa zipilala wokhota ngati uta. Mapiko awiriwo ankaimira olankhula Chingerezi ndi Mabunu amene anali atangomenyana nkhondo. Anthu akuda, amene anali ochuluka m'dzikomo, analibe phiko lawo, ndipo chaka chomwe nyumbayo inatha, 1913, ndi chimenenso linakhazikitsidwa lamulo lowasiyira pafupifupi magawo 7 okha pa 100 a malo a dziko. Apa chimene chasiyidwa pa pulani chikunena zambiri kuposa chimene chajambulidwa.

Njira ina inali kuima patsogolo pa mwini wake. Ku Seoul, Ajapani anamanga likulu la boma lawo pakati pa 1916 ndi 1926 m'bwalo la Gyeongbokgung, nyumba ya mafumu a Korea. Anagwetsa nyumba zambiri za m'bwalomo, nasuntha chipata chachikulu cha Gwanghwamun kuchiika pambali, ndipo chinyumba chawo cha miyala chinatchinga holo ya mpando wachifumu kuti isaonekenso kuchokera mumsewu. Chochititsa chidwi nchakuti kamangidwe kake kanali ka ku Ulaya, ndipo pulani yoyamba inalembedwa ndi Mjeremani, Georg de Lalande. Pofika nthawi imeneyo zipilala ndi denga lozungulira zinali zitasanduka chilankhulo cha ufumu uliwonse wofuna kulamulira anzake, kaya ndi wa Azungu kapena ayi.

Anthu ambiri olamulidwa sanaoneko malikulu amenewa. Iwo ankakumana ndi boma pa ofesi ya bwana Disi. Mawu akuti boma enieniwo, ochokera ku Chiswahili, poyamba ankatanthauza mpanda kapena linga, ndipo pang'onopang'ono dzina la mpandalo linasanduka dzina la ulamuliro. Ofesi yotere inali yaing'ono, ya njerwa ndi malata, koma zigawo zake zinali zomwe zija. Inkamangidwa pamalo okwera. Kutsogolo kunali bwalo losesedwa, mtengo wa mbendera, ndi njira yotchingidwa ndi miyala yopakidwa laimu. Maziko ankakwezedwa kuti chinyezi ndi chiswe zisalowe, ndipo kukwezako kunkachititsa kuti bwana akaima pakhonde ayang'ane pansi munthu wobwera ndi dandaulo. Khonde linali lotchinga dzuwa, koma linalinso malire: wokhoma msonkho ankadikira panja, nkupereka ndalama pa kawindo, ndipo kuti alowe m'kati ankadutsa kaye kwa mesenjala, kenako kwa kalaliki kapena womasulira. Bwalo la milandu, polisi ndi ndende nthawi zambiri zinkakhala pafupipafupi, moti munthu ankaona ndi maso ake ulendo wonse wa amene walephera kukhoma.

Mtunda unkatetezedwanso m'dzina la zaumoyo. Ronald Ross atasonyeza mu 1897 kuti udzudzu umanyamula tizilombo ta malungo, maboma a atsamunda anayamba kulekanitsa nyumba za Azungu ndi za Aafrika. Ku Nigeria, malamulo a nthawi ya bwanamkubwa Frederick Lugard ankafuna danga losamangidwapo la mayadi 440, pafupifupi mamita 400, pakati pa magawo awiriwa. Ku Freetown, m'dziko la Sierra Leone, akuluakulu a boma anasamukira ku Hill Station, pamwamba pa mapiri, nkuwamangira njanji yowatsitsira kuntchito. Chifukwa cha zaumoyocho sichinali chokwanira, pakuti ophika, olima maluwa ndi alonda ankagwirabe ntchito m'mipanda yomweyo. Dangalo linkaletsa anthu kuyenderana kuposa momwe linkaletsera udzudzu.

Pali chotsutsa chimodzi chofunika kuchilandira. Zimene womanga ankafuna kunena si zimene woona ankamva nthawi zonse, ndipo zolembedwa zambiri zimene zilipo ndi za omanga, osati za anthu amene ankakhala pansi pa mtengo kudikira kuitanidwa. Bwalo lotambalala lopangidwira perete limakwananso khamu la okwiya. Pa 9 Ogasiti 1956 amayi pafupifupi 20,000 anadzaza bwalo la Union Buildings kukana malamulo a mapasi, ndipo pa 10 Meyi 1994 Nelson Mandela analumbiritsidwa pamalo omwewo. Nyumba ya Lutyens inatumikira ufumu wa Britain zaka 16 zokha kuchokera pamene mzinda unatsegulidwa, ndipo lero ndi nyumba ya pulezidenti wa India. Mtsogoleri wa Vietnam Ho Chi Minh anakana kukhala m'nyumba ya bwanamkubwa ku Hanoi, nakhala m'kanyumba ka matabwa m'bwalo lomwelo. Dziko la South Korea linagwiritsa ntchito chinyumba cha Ajapani chija ngati likulu la boma, kenako ngati malo osungiramo zinthu zakale, mpaka linayamba kuchigwetsa mu 1995, patatha zaka 50 chimasukireni, nkumaliza mu 1996. Chipata cha Gwanghwamun chinabwezedwa pamalo ake akale mu 2010.